Dokotala wa maso wanditumiza kukapimitsa impso

"Ndinapita kukayezetsa maso koma adokotala akuti ndikapimitse BP ndi impso, zikukhudzana bwanji ndi maso?"

Achimwene pitani ndithu osachedwa. Kumbuyo kwa diso kuja, pa retina, ndi pomwe dokotala amaona timitsempha ta magazi mwachindunji osang'amba thupi. BP ikakhala yokwera zaka zambiri timitsemphati timachepa mpata nkuuma, ndiye pomwe tadutsana kouma kaja kamapsinja kanzake kobweza magazi, iwo amaona ngati kotsinidwa. Zikafika poipa pamaoneka timadontho ta magazi ndi timawanga toyera ngati thonje, apo ndiye kuti magazi sakufika. Nde timitsempha ta mu ubongo ndi impso ndi tating'ono chimodzimodzi, BP imationonganso, nchifukwa chake akuopa sitiroko ndi kuonongeka kwa impso. Chomvetsa chisoni munthu umaona bwinobwino zonsezi zikuchitika. Koma ngati anati mtsempha waukulu wolumikiza diso ndi ubongo watupa, BP ikumapitirira 180/120, pitani lero lomwe.