Malata a nyumba anathera pa tchati cha golide

Funso: Ndimagwira ntchito ya pamwezi ku Joni ndipo ndasunga R20,000 yomangira nyumba kumudzi. Mnzanga wandilowetsa m'gulu la pa Telegram lomwe amatumiza matchati osonyeza pogulira golide. Ndiikeko ndalamayi kuti ichuluke msanga?

Achimwene, ndalama ya nyumbayo musaikhudze. Kuti muone m'mene imathera, tiyerekeze dalaivala wa pakampani ina komweko ku Joni, yemwe ankapatula R1,800 mwezi uliwonse. Patatha miyezi 10 anali ndi R18,000 yogulira malata, yomwe tiiwerenge ngati madola 1,000.

Anatsegula akaunti ku kampani yochititsa malonda a golide pa intaneti kudzera pa linki yomwe mwini gululo anamupatsa. Ulendo woyamba anagula XAUUSD, dzina la golide pa malondawa, ndi loti ya 0.05, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa golideyo, mtengo unakwera ndi madola 12, iye n'kupeza madola 60 ali pa nkhomaliro. Anachotsa phindulo n'kugulira ana nsapato. Mlungu wotsatira kunabwera tchati chokhala ndi mzere wojambulidwa, ati mtengo sungatsike kudutsa pamenepo. Analemba 0.50 n'kudina Buy, osaika Stop Loss, malire omwe amatseka okha malonda mtengo ukatsika kufika pomwe wasankha.

Apa ndi pomwe ambiri sawerengera. Pa golide, loti imodzi ndi maaunsi 100, choncho 0.50 ndi maaunsi 50. Mtengo ukatsika ndi dola imodzi yokha, akauntiyo yataya madola 50. Golide atakhala pa madola 2,000 pa aunsi, bamboyu anali atasenza katundu wa madola 100,000 ndi thumba la madola 1,000. Chinamulola kutero ndi levereji ya 1:500, kutanthauza kuti dola imodzi ya chikole imasenza katundu wa madola 500, choncho inangofuna chikole cha madola 200. Poona chikole chochepacho ankaganiza kuti ndi zokhazo zomwe angaluze, osadziwa kuti thumba lonse ndilo linali pa moto.

Tsikulo linali Lachisanu loyamba la mwezi, pamene dziko la Amerika limakonda kutulutsa chiwerengero cha anthu olembedwa ntchito, ndipo golide amagwedezeka kwambiri pa mphindi zochepa. Iye anali pa chiwongolero. Pofika poimika galimoto, mtengo unali utatsika ndi madola 18, madola 900 apita, ndipo kampani ya akauntiyo inali itamutsekera yokha malondawo chifukwa zotsala zinafika theka la chikole. Madzulo mtengo unakweranso, mwini gulu n'kutumiza chithunzi chodzitama kuti ananeneratu. Eni magulu oterewa nthawi zambiri amalandira komishoni ku kampaniyo molingana ndi kuchuluka kwa maloti omwe anthu awo agula, kaya apindule kaya aluze. N'chifukwa chake amakukankhani kuti mukweze loti.

Usiku umenewo anafuna kukongola katapila kuti abweze zake. Akazi ake kumudzi atamva pa foni anati, "Bambo a ana, malata apita, musagulitsenso malipiro a mwezi wamawa." Anamvera.

Anayambiranso pansi. Anauza banki kuti tsiku lolandira izichotsa yokha R1,800 kupita ku akaunti yofuna chidziwitso cha masiku 32 munthu asanatape, kuti tchati chikamukopa usiku ndalama isakhale pafupi. Kwa miyezi itatu anaphunzira pa akaunti ya Demo, yoyeserera ndi ndalama zosakhala zenizeni, akulemba m'kope malo olowera, malo otulukira ndi chifukwa chake. Anadziikiranso lamulo loti asaluze zoposa 1 peresenti pa malonda amodzi. Atawerengera anapeza zomwe gulu lija silinamuuze: pa madola 1,000, malire ake ndi madola 10, ndipo Stop Loss ikakhala madola 10 kuchokera pogulira, loti yoyenera ndi 0.01. Iye anali atagula kuwirikiza ka 50. Anaonanso kuti ndi madola 300 omwe anasunga pa miyezi itatuyo sangatsate lamuloli pa golide ndi Stop Loss yomweyo, pakuti 0.01 ndiyo loti yochepetsetsa ku makampani ambiri. Malata anagulidwa chaka chotsatira, kuchokera ku malipiro.

Musaganize kuti bamboyu anangochita tsoka. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, ESMA, linapeza kuti pakati pa 74 ndi 89 mwa maakaunti 100 a anthu wamba amaluza pa malonda a mtunduwu, ndipo linatsitsa levereji ya golide kufika pa 1:20. Ndi malire amenewo, madola 1,000 sakanatsegula zoposa 0.10.

Ngati mtima ukukanabe kusiya, dikirani mpaka mutakhala ndi ndalama yapadera yokwanira lendi ndi chakudya kwa miyezi itatu. Kenako fufuzani nambala ya laisensi ya kampaniyo, yotchedwa FSP, pa webusaiti ya FSCA, bungwe loyang'anira makampani a zachuma ku South Africa, chifukwa akuba amakopera nambala za eni ake, ndipo dzina liyenera kufanana ndi la akaunti yomwe akukuuzani kuti mutumizeko ndalama. Akakupatsani akaunti ya banki ya munthu, tulukani m'gululo tsiku lomwelo.