Milandu iwiri pa YouTube: kodi yakaleyo idzafafanizika liti?

Funso: Ndimajambula makanema a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya kuno ku Salima, ndipo makasitomala ambiri amandipeza kudzera pa tchanelo changa cha YouTube ndi peji ya Facebook. Chaka chatha YouTube inandichenjeza chifukwa cha kanema wa ngozi ya pamsewu wa M5. Chaka chino andilemba milandu iwiri, wina pa 10 Malichi, wina pa 2 Meyi. Ku Facebook nako anachotsa zinthu zanga katatu. Nyengo ya maukwati yayandikira. Kodi ndifufute makanemawo kuti milandu ithe, kapena nditsegule tchanelo china? (Wojambula makanema, Salima)

Yankho: Bambo, zonse ziwiri musachite, ndipo choyamba tengani kalendala, chifukwa vuto lanu lagona pa masiku. Ku YouTube mlandu uliwonse wophwanya malamulo a zoyenera kuonetsa, umene pa foni amaulemba kuti strike, umakhala wamoyo masiku 90 kuchokera tsiku limene unaperekedwa. Uliwonse umawerengedwa pawokha, monga ngongole ziwiri za ku banki mkhonde zimene munatenga masiku osiyana: kutha kwa yoyamba sikufupikitsa yachiwiri, ndipo kubwera kwa yachiwiri sikutalikitsa yoyamba. Mlandu wanu wa pa 10 Malichi udzatha pa 8 Juni, pamene wa pa 2 Meyi udzatha pa 31 Julayi.

Ambiri amasokonezeka chifukwa chosasiyanitsa chilango ndi mlandu weniweniwo. Mlandu woyamba umabwera ndi chilango cha sabata imodzi yosaika kanema kapena kuulutsa pompopompo, ndipo wachiwiri ukagwa woyamba usanathe, chilango chimakhala masabata awiri. Chilangocho chimayamba kuwerengedwa tsiku limene mwatsegula uthengawo ndi kuvomereza kuti mwauona, kotero ngati munavomereza pa 2 Meyi pomwepo, pa 16 Meyi mudzatha kuikanso makanema. Tsiku limenelo tchanelo chidzaoneka ngati chachira, batani loikira kanema lidzagwira ntchito, koma milandu iwiri ija idzakhala ikadalipo. Milandu itatu ikakumana mkati mwa masiku 90, tchanelo chimatsekedwa kotheratu pamodzi ndi makanema onse a makasitomala anu.

Choncho nyengo yoopsa kwambiri kwa inu ndi kuyambira tsopano mpaka pa 8 Juni. M'masiku amenewa cholakwa chimodzi chokha chikhoza kuthetsa tchanelo. Kuyambira pa 8 Juni mpaka pa 31 Julayi mudzatsala ndi mlandu umodzi, ndipo wina ukagwa pamenepo udzakhala wachiwiri, wa masabata awiri, kenako nawonso udzayamba ulendo wake wa masiku 90. Ikadutsa 31 Julayi popanda chovuta, milandu yonse idzakhala itafafanizika. Musadalire kuwerenga kwanga kokha: lowani mu YouTube Studio, pamene milandu yomwe ikadali yamoyo imaonekera, ndipo ngati tsiku lanu lasiyana ndi lawo, tsatirani lawo n'kuwonjezerapo tsiku limodzi kapena awiri musanachite chilichonse chokayikitsa.

Chenjezo la chaka chatha lija lili ndi malamulo akeake, ndipo ndi limene linatsegula khomo la milandu iwiriyi. YouTube kawirikawiri imakhululukira cholakwa choyamba pongochenjeza, popanda chilango, koma chenjezolo silitha lokha ngakhale papite zaka. Kuyambira mu Ogasiti 2023 anaika njira yolichotsera: mwini tchanelo amachita kaphunziro kafupi ka mafunso okhudza lamulo limene anaphwanya, ndipo akakhala masiku 90 osaphwanyanso lamulo lomwelo, chenjezo limachoka. Masiku 90 amenewa amayamba tsiku limene mwamaliza phunzirolo, osati tsiku limene munachenjezedwa. Amene wachita phunziro n'kuphwanya lamulo lina losiyana amalandira chenjezo lina, koma amene wabwereza lomwelo amalembedwa mlandu ndipo chenjezo lake limakhalabe. Si chenjezo lililonse limene limabwera ndi mwayi wa phunziro, choncho onani mu Studio ngati lanu lili nawo, ndipo ngati ulipo chitani lero. Popanda kutero, ngakhale itadutsa 31 Julayi, cholakwa chanu chotsatira chidzakhala mlandu wachindunji.

Za kufufuta makanema, dziwani kuti mlandu umalembedwa pa tchanelo, ndiye kuchotsa kanema amene wagwidwa kale sikuchepetsa ngakhale tsiku limodzi. Kumakulandaninso mwayi wochita apilo, chifukwa kanema amene mwafufuta nokha sangaunikidwenso. Apilo imaloledwa kamodzi pa mlandu uliwonse, ndipo ikapambana mlanduwo umachotsedwa nthawi yomweyo. Kwa inu apilo yofunika kwambiri ndi ya mlandu wa pa 2 Meyi, popeza ndi umene uli ndi masiku ambiri otsala. Ilembeni mwachidule, mutchule mphindi ya kanema imene akudandaula nayo ndi chifukwa chake mukuona kuti sikuphwanya lamulo limene atchula. Kulemba kuti muli ndi ana asukulu ndipo bizinesi yanu ndi yomweyi n'zoona, koma wounikayo akuyang'ana kanema ndi lamulo basi.

Kufufuta kumene kuli ndi phindu ndi kwa makanema amene sanagwidwe. YouTube ikhoza kupereka mlandu lero pa kanema amene munaika kalekale, ndipo masiku 90 amayambira tsiku la mlandu, osati tsiku limene kanemayo anaikidwa. Ngati pa tchanelo pakadali makanema ena a ngozi oonetsa anthu ovulala, kapena a mbava ikumenyedwa pamsika, amene anthu amakonda kuonera koma malamulo amaletsa akaikidwa pofuna kudzidzimutsa anthu, sungani makope pa kompyuta yanu kenako muwachotse sabata ino. Kuwabisa kuti aziwonedwa ndi inu nokha sikukwanira, chifukwa malamulowa amakhudzanso makanema obisika. Kunena mosabisa, makanema otere sayenera kukhala pamalo amodzi ndi maukwati a anthu, ngakhale atabweretsa owonera ochuluka bwanji.

Pali kaundula wina amene wojambula maukwati ayenera kumuopa, wa milandu ya umwini wa nyimbo. Milandu imeneyi imawerengedwa payokha, siphatikizidwa ndi iwiri yanu ija, koma nayonso ikakwana itatu tchanelo chikhoza kutsekedwa. Imatha pakapita masiku 90 pokhapokha mutamaliza kaphunziro kotchedwa Copyright School, koma imathanso kuchoka msanga mwini nyimbo akabweza dandaulo lake. Musaisokoneze ndi uthenga wa Content ID, umene umabwera makina akazindikira nyimbo imene inkalira pa perekaniperekani. Uthenga umenewo si mlandu. Nthawi zambiri umangotanthauza kuti ndalama za malonda a pa kanemayo zikupita kwa mwini nyimbo, kapena kanemayo watsekedwa m'maiko ena.

Tchanelo chatsopano musatsegule pamene chilango chikugwira ntchito. YouTube imaona kugwiritsa ntchito tchanelo china pozemba chilango ngati mlandu waukulu, ndipo ikhoza kutseka matchanelo onse okhudzana nanu, kuphatikizapo cha mnzanu amene wakubwerekani. Ngati munkaganiza zolembetsa kuti tchanelo chizikupatsani ndalama, dikirani ipite 31 Julayi, chifukwa salandira pempho la tchanelo chimene chili ndi mlandu wamoyo wophwanya malamulo a zoyenera kuonetsa.

Ku Facebook mawerengedwe ake ndi ena, ndipo kumeneko simuli pamoto ngati ku YouTube. Kuyambira mu Febuluwale 2023 kampani ya Meta, eni ake a Facebook, imayendetsa zinthu motere pa milandu wamba: woyamba ndi chenjezo chabe, wachiwiri mpaka wachisanu ndi chimodzi ukhoza kukuletsani zinthu zina kwa kanthawi, monga kulemba m'magulu, ndipo kuletsedwa kulemba chilichonse kumayamba pa mlandu wa nambala 7 ndi tsiku limodzi. Wa nambala 8 ndi masiku 3, wa nambala 9 ndi masiku 7, ndipo kuyambira wa nambala 10 ndi masiku 30. Makwererowa ndi aatali, koma mlandu uliwonse umakhala chaka chathunthu usanathe, kotero munthu wolakwa kamodzi pamwezi amafika pa 7 chaka chisanathe iye akuona ngati palibe chikuchitika. Milandu ikuluikulu, monga yokhudza nkhanza kwa ana kapena uchigawenga, sitsata makwerero amenewa; akaunti ikhoza kutsekedwa ulendo umodzi.

Kuchotsedwa kwa zinthu katatu sikutanthauza kuti muli ndi milandu itatu. Meta ikachotsa zinthu zingapo nthawi imodzi ikhoza kuziwerenga ngati mlandu umodzi, ndipo pa zolakwa zambiri wamba salemba mlandu ngati chinthucho chinaikidwa masiku oposa 90 apitawo, kusiyana ndi YouTube. Chiwerengero chenicheni mukachipeza pamalo olembedwa Account Status. Samalani ndi amene mwawapatsa mphamvu zoyendetsa peji, chifukwa chimene mnyamata wanu wa kamera waika m'dzina la peji chimalembedwa pa peji yanu, ndipo peji ikachulukitsa milandu imayamba kuonekera kwa anthu ochepa kapena kuletsedwa kulipira malonda. Ngati mulinso pa TikTok, kumeneko milandu imatha pakapita masiku 90, koma amaiwerenga molingana ndi lamulo limene laphwanyidwa ndiponso mbali imene munagwiritsa ntchito, monga ndemanga kapena LIVE.

Pa nkhani ya ndalama, vuto lalikulu ndi malonjezo amene mumapereka polandira ndalama yachikole. Pa maukwati onse a pakati pa tsopano ndi 31 Julayi, musaike kuulutsa pompopompo pa YouTube kapena kuika kanema tsiku lakutilakuti monga mbali ya mtengo. Gwirizanani kuti katundu amene kasitomala akugula ndi kanema wa pa fulashi, ndipo kuika pa tchanelo ndi basera imene mudzachite njira ikakhala yabwino. Mukalonjeza kuti achibale a ku Joni adzaonera ukwati wa ku Senga Bay uli mkati, chilango n'kugwa Lachinayi, mudzabweza ndalama zimene munagulira kale mafuta ndi kulipira anyamata. Kumbukiraninso kuti kanema amene munamuika kuti adzatuluke yekha tsiku lina amabisidwa pa nthawi ya chilango, ndipo muyenera kumuikiranso tsiku chilango chikatha.

Manambala a makasitomala ndi a makwaya alembeni m'buku kapena m'foni, asamangokhala m'mauthenga a peji, ndipo makanema onse omalizidwa akhale ndi makope pa chosungira china. Wina akakulemberani kuti amachotsa milandu mukamutumizira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena akapempha mawu achinsinsi a akaunti yanu kuti achite apilo m'malo mwanu, musamuyankhe. Apilo ndi yaulere ndipo imachitikira mu Studio momwemo. Mpaka pa 8 Juni, kanema aliyense muzimuonera nokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza asanakwere, pamodzi ndi chithunzi chake chapamwamba, mutu wake ndi maulalo amene mwaika m'munsi, chifukwa zonsezi zikhoza kubweretsa mlandu wachitatu.