Mtengo womaliza wa Sienta musauze munthu, ngakhale wokuthandizani kugulitsa

"Abale anga a m'gulu lino, ndikufuna kugulitsa Sienta yanga ya 2008, ndili ku Chitakale kuno. Ndilengeze mtengo wanji, ndipo munthu akamanenerera nditsike mpaka pati?"

Achimwene, ine ndinaluza ndalama pa galimoto ya mtundu womwewo m'chaka cha 2023, ndipo chimene chinandipweteka sichinali mtengo umene ndinalengeza koma mtengo womaliza umene ndinaulula kwa munthu wolakwika. Mpaka lero ndikadutsa pa Luchenza mtima umandiwawa.

Mtengo wolengeza ndinaupeza bwino ndithu, ndipo njira yake ndingakulangizeni kuti muitsate. Ndinaona ma Sienta ena a zaka zofanana ndi yanga amene anthu ankatsatsa ku Limbe ndi m'magulu ngati lino, ndipo ambiri ankalemba pakati pa K7.5 miliyoni ndi K8 miliyoni. Koma mtengo wolembedwa ndi chikhumbo chabe cha mwini galimoto, choncho ndinafunsa anthu awiri amene anali atagulitsadi, wina wa ku Bvumbwe ndi wina woyendetsa takisi pa msewu wa ku Muloza, ndipo ndinapeza kuti wina analandira K6.8 miliyoni, winayo K7 miliyoni. Yanga inali ndi matayala awiri akutha ndiponso mabushi akutsogolo ankagogoda pa msewu wa fumbi, zimene makaniko wanga anati zingadye pafupifupi K300,000. Ndinaona kuti mtengo weniweni wa galimoto yanga unali pafupifupi K6.7 miliyoni, ndiye ndinalengeza K7.5 miliyoni kuti wogula akhale ndi potsitsa, popeza kuno kwathu munthu akagula osatsitsako kanthu amadziona ngati wapusitsidwa. Mumtima ndinakhazikitsa K6.5 miliyoni ngati malire anga. Manambala amenewa ndi a nthawi imeneyo, musawatengere lero, koma kawerengedwe kake sikanasinthe.

Patapita miyezi iwiri galimoto isanagulidwe, ana awiri akufunika fizi ndipo ngongole ya banki m'khonde ya mayi akunyumba ikuyandikira tsiku lake, kunabwera dobadoba wina amene anandipeza kudzera mwa mlamu wanga. Anali wolankhula mwaulemu, wonditchula kuti bwana pa chiganizo chilichonse, ndipo anandifunsa funso limene linkaoneka lanzeru: "Bwana, mundiuze pamene simungatsikenso, kuti ndisamakubweretsereni anthu ongotaya nthawi." Ine ndinamuuza K6.5 miliyoni. Choipa kwambiri n'chakuti ndinamuuzanso za fizi, ngati ndikucheza ndi m'bale wanga.

Loweruka lotsatira anandiitanira pa Luchenza kuti wogula wapezeka. Ndinatsuka galimoto m'mawa, ndinathira mafuta a ndalama zanga, ndipo ndinawapeza atatu: dobadobayo, wogula amene anati akufuna kuiyendetsa ngati takisi pakati pa Thyolo ndi Limbe, ndi mnyamata wina wa ovolosi yamafuta amene anati ndi makaniko. Mawu oyamba a wogula, asanatsegule n'komwe chitseko, anali akuti, "Tamva kuti ndi sikisi pointi faifi, ndiye tiyambire pamenepo." Ndinayang'ana dobadoba uja, iye n'kumayang'ana foni yake. Pamenepo ndinadziwa kuti K7.5 miliyoni ija yafa, ndipo malire anga asanduka poyambira kunenerera.

Kenako mnyamata wa ovolosi anayamba ntchito yake. Anatsegula boneti, analiza injini mwamphamvu mpaka anthu a kabaza anayamba kusonkhana, anatsegula chivundikiro chothirira oyilo injini ikulira, n'kuika dzanja pamenepo ndi kupukusa mutu. Anati injini ikupuma, maringi atha, ndipo pasanathe miyezi itatu idzafunika kutsitsidwa. Anagwada kumbuyo, anapisa chala mu ekizosi, chinatuluka chakuda, n'kuchionetsa kwa gulu lonse ngati wapeza umboni wa mlandu. Anayendetsa galimoto mamita ochepa chabe n'kunena kuti giyabokosi ikuchedwa kugwira. Ine ndinaima pamenepo thukuta lili kamukamu, anthu osawadziwa akuvomereza ndi mitu, wina wa kabaza mpaka ananena kuti, "Akuluakulu, ingolandirani, imeneyi yatopa." Galimoto imene inandinyamula zaka zinayi osandisiya pa msewu ndinayamba kuiona ngati chiphakasa.

Pambuyo pake makaniko wanga anandiseka. Anati kampweya pang'ono pa chivundikiro cha oyilo kamapezeka pa injini zambiri zimene zayenda, ndipo mwaye wakuda wouma mu ekizosi si chizindikiro choti injini yatha. Chimene chimaonetsa kuti injini ikudya oyilo ndi utsi wabuluu umene sutha injini ikatentha, mwaye wonyowa ndi mafuta, komanso oyilo wotsika pa ndodo yoyezera pakati pa sevisi ndi sevisi. Yanga inalibe chilichonse mwa zimenezi. Za giyabokosi anati Sienta yanga inali ya CVT, imene sisintha magiya modumpha ngati zina, ndiye munthu wofuna kukuopsezani amangoti ikuchedwa. Ndikanapita ndi makaniko wangayo tsiku limenelo, n'kumulipira K20,000 ya tsiku lake, bodza lonselo likanathera pomwepo.

Anatsitsa mpaka K6.3 miliyoni, ndipo ine ndinavomera chifukwa cha manyazi ndi fizi ija imene onse atatu ankaidziwa. Nditavomera ndi pamene wogula ananena kuti m'thumba ali ndi K4 miliyoni yokha, yotsala K2.3 miliyoni adzapereka pakutha kwa mwezi. Dobadoba analumbira kuti munthuyo ndi wokhulupirika, amapemphera naye limodzi. Tinalemberana pa pepala la m'kope, ndinapereka makiyi, ndipo dobadobayo anatenga K200,000 yake pa ndalama yoyambayo nthawi yomweyo, osadikira kuti yotsala ibwere. Ndinabwerera ku Mulanje pa minibasi.

Kumeneko kunali kumapeto kwa Okutobala. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 ku banki inafika K1,700. Popeza galimoto zimenezi zimachokera ku Japan ndipo zimagulidwa ndi madola, mitengo yake inakwera pasanapite nthawi, pamene ngongole yanga inakhala K2.3 miliyoni yomweyo. Ndalama imene pa tsiku logulitsa inali pafupifupi madola 1,950 inasanduka madola 1,350 ili m'thumba la munthu wina. Ndipo sanabweze pakutha kwa mwezi. Ankatumiza K150,000 lero, K80,000 patapita masabata atatu, foni osayankha, pamene galimoto yanga ndinkaiona ndi maso anga ikunyamula anthu pa Thyolo boma, ikumupangira ndalama zondibwezera ine pang'onopang'ono. Injini imene inkati itha pa miyezi itatu ija inali ikuyenda bwinobwino. Anamaliza patatha miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chimene chinandipulumutsa n'chakuti bulubuku ndinakana kupereka ndipo umwini tinali tisanasinthe ku Road Traffic. Komabe miyezi yonseyo ndinkagona ndi mantha, chifukwa galimoto ikanagunda munthu kapena kugwidwa ndi katundu wolakwika, dzina la m'makalata linali langa.

Dobadoba uja ndinadzamva kwa mlamu wanga yemweyo kuti analandiranso ndalama kwa wogula chifukwa chomutsitsira mtengo. Munthu wodya mbali ziwiri ngati ameneyo sasamala kuti inu mwapeza zingati, chimene amafuna n'chakuti malonda achitike lero, popeza kusiyana kwa K7 miliyoni ndi K6.3 miliyoni kumapweteka inu, iye yake amalandirabe. Mpaka pano akandiona amandipatsa moni wa bwana, opanda ngakhale manyazi.

Ndiye malire anu muwawerenge ngati ndalama imene itsale m'manja mwanu tsiku lomwelo, mutachotsa ya dobadoba, mafuta opitira kokaonetsa ndi ulendo wa ku Blantyre kokasintha umwini, ndipo mugwirizane poyamba kuti zolipira posintha umwini ndi za ndani. Ine ndinkati malire anga ndi K6.5 miliyoni, koma nditachotsa zonse ndinatsala ndi ndalama yongopitirira pang'ono K6 miliyoni, yobwera m'zidutswa. Nambala ya malire anuyo muidziwe inu ndi akunyumba kwanu basi. Munthu akakufunsani mtengo womaliza pa foni asanaone galimoto, muuzeni kuti abwere aione ndipo atchule yekha zimene ali nazo. Potsika musadumphe K500,000 kamodzi, chifukwa wogula amaona kuti pansi pakadali patali. Tsikani K200,000, kenako K100,000, kenako K50,000, kuti aone yekha kuti mwayandikira pothera. Zolakwika za galimoto, monga matayala kapena COF ndi inshuwalansi zimene zatsala pang'ono kutha, zitchuleni nokha poyamba ndi kunena kuti mwazichotsera kale pa mtengo, kuti asazigwiritse ntchito kukutsitsani kachiwiri. Wofuna kulipira pang'onopang'ono mtengo wake ukhale wokwera kuposa wa wolipira zonse, ndipo kunena zoona ine ndingati mukane ndithu. Makiyi aperekedwe ndalama zitaoneka mu akaunti yanu ku banki, osati pa uthenga wa pa foni umene wakuonetsani iye.

Komanso musaumirire kwambiri, achimwene. Sabata yoyamba nditangolengeza, mphunzitsi wina wa ku Chisitu anabwera ndi mkazi wake, anaiyendetsa mpaka pa Nkando ndi kubwerera, ndipo anati ali ndi K6.8 miliyoni yonse, tipite ku banki mawa lake. Ine ndinakana chifukwa ndinkaona kuti sabata yoyamba ndi yoyamba, wina abwera ndi K7.2 miliyoni. Ndalama imeneyo inali pamwamba pa malire anga ndi K300,000, ndipo sindinaionenso. Munthu akafika pamwamba pa nambala imene munakhazikitsa ndipo ndalama ali nayo m'manja, mpatseni galimoto ngakhale likhale tsiku lachiwiri. Za madobadoba nazonso, ngakhale ndawanyoza chonchi, kuno ku Mulanje ogula a ndalama zonse ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Limbe ndi ku Blantyre, kotero mwina mudzamufunabe mmodzi. Mukamutenga, muuzeni mtengo wolengeza wokha, mugwirizane kuti yake adzalandira ndalama zonse zikalowa, ndipo ngati pali fizi kapena ngongole imene ikukuthamangitsani, asaimve.