Mahediseti omwewo, foni ziwiri, kamvekedwe kosiyana

"Anzanga a m'gulu muno, ndagula timahediseti topanda nthambo pa Kamuzu Road, pabokosi palembedwa SBC, AAC, aptX. Pa Samsung ya mkulu wanga nyimbo zikumveka bwino, koma pa Tecno yanga zikumveka zofooka, nthawi zina ngati zikuchokera m'chitini. Wina wandiuza kuti ndi kodeki. Kodi chimenechi n'chiyani, ndipo ndingadziwe bwanji kodeki imene foni ndi mahediseti zili nayo zonse ziwiri?"

Achimwene, amene wakuuzaniyo sananame, koma musathamangire kubweza mahedisetiwo kapena kuyamba kusungira ndalama ya foni ina. Yambani mwaona chimene foni yanuyo ikuchita, chifukwa zimaoneka ndi maso pafoni pomwepo.

Nyimbo yosapanikizidwa, ngati ya pa CD, imafuna 1411 kbps, kutanthauza makilobiti 1411 pa sekondi iliyonse. Njira ya Bluetooth ndi yopapatiza, singanyamule zonsezo mosadukiza. Ndiye foni imayamba yaichepetsa nyimboyo isanaitumize, mahediseti n'kuimasula ikafika. Kodeki ndi njira yochepetsera ndi kumasulira imeneyi. Zili ngati usipa wa ku Senga Bay: kuti ufike ku Lilongwe umayamba wayanikidwa pathandala, umapepuka, umayenda bwino, koma ngakhale muunyike m'madzi subwereranso kukhala wauwisi. Chimene kodeki yataya chatayika basi. Makodeki amasiyana pa kuchuluka kwa zimene amataya, ndi nzeru imene amasankhira chotaya.

SBC ndiyo imapezeka paliponse, chifukwa malamulo a Bluetooth amakakamiza chipangizo chilichonse choimba nyimbo kukhala nayo. Imagawa mawu m'magawo asanu ndi atatu, kuyambira besi mpaka mawu akuthwa, n'kugawira gawo lililonse mabiti ake. Ikamayenda bwino imafika 328 kbps, ndipo pamenepo anthu ambiri sangaloze cholakwika. Vuto limabwera pamene mahediseti kapena foni zaitsitsa, mwina kufika cha m'ma 229 kbps kapena kutsikirapo. Gawo loyamba kumanidwa mabiti ndi la mawu akuthwa, ndiye maseche ndi "s" wa oimba zimayamba kumveka zokhakhala.

AAC imatumiza zochepa, kawirikawiri osapitirira 256 kbps, koma ndi yochenjera posankha chotaya. Imatsata mmene khutu la munthu limamvera: ng'oma ikagunda mwamphamvu, kamawu kofooka koyandikana nayo khutu silikamva, ndiye AAC imakataya dala n'kusungira mabiti zimene zikumvekadi. Kuwerengera kumeneku ndi ntchito yaikulu kwa foni. Pa iPhone imagwira bwino kwambiri, pomwe pa Android zimatengera foni yake: ina imatulutsa AAC yabwino, ina imafupikitsa ntchito, mwakuti SBC yake imamveka bwino kuposa AAC. Apa mukuona kale kuti nambala yaikulu siyitanthauza kukoma nthawi zonse.

aptX ndi ya kampani ya Qualcomm. Iyo imangochepetsa nyimbo kanayi mosasinthasintha: gawani 1411 ndi 4, mupeza cha m'ma 352 kbps. Ili ndi abale ake, aptX HD ya 576 kbps ndi aptX Adaptive imene imakwera ndi kutsika yokha, koma amenewa ndi makodeki osiyana, ndipo kukhala ndi aptX wamba sikutanthauza kuti muli nawonso. LDAC ndi ya Sony, inalowa mu Android kuyambira pa Android 8.0 mu 2017, ndipo imayenda pa 330, 660 kapena 990 kbps. Imeneyo pabokosi lanu palibe, ndiye tiisiye kaye.

Tsopano chimene chimasokoneza ambiri. Kodeki siigwira ntchito mbali imodzi. Mukangolumikiza, mahediseti amauza foni makodeki amene ali nawo, foni n'kusankha imodzi imene ilinso nayo. Mahediseti anu ali ndi SBC, AAC ndi aptX. Foni za Samsung zambiri zili ndi SBC, AAC, aptX, LDAC, komanso kodeki yawoyawo imene imangogwira ndi Galaxy Buds. Ndiye kwa akulu anuwo zogwirizana zilipo zitatu, ndipo n'kutheka kuti foniyo yasankha aptX. Mukawalumikiza ku iPhone, aptX ija ndi dzina chabe pabokosi, chifukwa iPhone imatumiza nyimbo ndi SBC kapena AAC basi, ndiye itenga AAC. Pa Tecno, itel ndi Infinix zimatengera mtundu wa foniyo ndi Android imene ilimo. Zina aptX zili nayo, zina ayi. N'chifukwa chake ndikuti muone nokha.

Lumikizani mahediseti kaye, nyimbo izikhala ikuimba. Lowani mu Settings, mupite pa About phone kapena My Phone, mupeze Build number, muidine kasanu ndi kawiri motsatizana. Foni ikhoza kufunsa nambala yanu yotsekulira. Mukatero pabwera Developer options, kawirikawiri pansi pa System. Mmenemo tsikani mpaka mupeze Bluetooth Audio Codec. Dzina limene lasankhidwa pamenepo ndiyo kodeki imene ikugwira ntchito panopa. Mukadinapo pabwera mayina onse. Pa Android zatsopano, amene foni ndi mahediseti sizigwirizana amaoneka otuwa ndipo sadinika. Pa zakale onse amadinika, koma mukatuluka n'kulowanso mupeza yabwerera pa yakale, ndipo kubwerera kumeneko ndilo yankho lanu: mbali imodzi ilibe. Chitaninso chimodzimodzi pafoni ya akulu anu. Ngati pa Samsung paja aptX ikukananso, n'kutheka kuti mahedisetiwo alibe aptX ngakhale bokosi likutero, poti mabokosi ena a pamsika amalembedwa zimene mulibe mkati. Chonde mu Developer options musamakhudze zina zimene simukuzidziwa.

Zimene mwasankha mmenemo nthawi zambiri sizikhalitsa. Mukabweza mahediseti m'kabokosi kake n'kuwatulutsanso, foni imasankhanso yokha. Chokhalitsa chili kwina. Mu Bluetooth, dinani kagiya kamene kali pambali pa dzina la mahediseti anu. Foni zambiri zili ndi kabatani kolembedwa HD audio, nthawi zina ndi dzina la kodeki pambali pake, monga HD audio: AAC. Kakakhala kozimitsa, foni imangokhala pa SBC. Kayatseni, kenako kazimitseni, muzimvera nyimbo imodzimodziyo, musankhe mbali imene khutu lanu lakonda.

Koma mawu anu akuti "ngati m'chitini" ndi amene andichititsa kuti ndilembe zambiri chonchi, chifukwa SBC, ngakhale itatsika, kawirikawiri siimveka choncho. Kumveka m'chitini, kopanda besi, makutu onse awiri akumva chimodzimodzi, ndi chizindikiro cha njira ina. Bluetooth ili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zotumizira mawu: A2DP ya nyimbo, mmene muli makodeki onse ndatchulawa, ndi HFP yoimbirana foni. Foni ikangofuna maikolofoni a mahediseti imachoka pa A2DP kupita pa HFP, ndipo kumeneko kodeki yake ndi CVSD kapena mSBC, zimene zinapangidwira kulankhula, osati nyimbo. CVSD imadula mawu onse akuthwa opitirira 4 kHz, mSBC opitirira 8 kHz, pomwe khutu la wachinyamata limamva mpaka cha m'ma 20 kHz. Mukamaliza kuimbirana pa WhatsApp, kapena pulogalamu ina ikagwirabe maikolofoni, foni zina zimakakamira pa HFP n'kumakuimbirani nyimbo kudzera momwemo. N'chifukwa chake vutolo limabwera "nthawi zina" osati nthawi zonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: likabweranso, pitani pa kagiya kaja, muzimitse Phone calls, musiye Media audio yokha. Nyimbo ikayamba kumveka bwino nthawi yomweyo, mwaupeza muzu wake. Tsekani pulogalamu imene inagwira maikolofoni, muzimitse Bluetooth n'kuyatsanso, kenako mubwezere Phone calls.

Ndisanaiwale, funsaninso kuti inu ndi akulu anu mukumvera nyimbo yofananadi. Ambiri kuno nyimbo timakaikitsa pa memori kwa anyamata a makompyuta, kapena timatumizirana m'magulu, ndipo zambiri zimakhala MP3 ya 128 kbps kapena kutsikirapo. Kudziwa kwake, onani kukula kwa fayilo. Pa 128 kbps mphindi imodzi imadya pafupifupi 1 MB, ndiye nyimbo ya mphindi zinayi ikakhala cha m'ma 4 MB ndi ya 128, ikakhala pakati pa 9 ndi 10 MB ndi ya 320, ikakhala 2 MB ndiye yafinyidwa kwambiri. Fayilo yotereyi inataya kale zambiri, ndipo Bluetooth imadzaifinyanso kachiwiri. Ngakhale mutaitumiza ndi LDAC pa 990 kbps, imangofikitsa mokhulupirika zofooka zomwezo. Tumizani fayilo imodzi kufoni zonse ziwiri, muzimitse ekwalaiza ndi zokometsera monga DTS kapena Dolby Atmos mbali zonse, mulinganize voliyumu bwinobwino, chifukwa chimene chikumveka mokweza pang'ono khutu limachitenga ngati chabwino. Sankhani nyimbo ya kwaya kapena ya maseche ambiri, ndi mmene kusiyana kwa makodeki kumaonekera. Besi si muyeso wabwino: makodeki onsewa amainyamula bwino, ndipo ikasowa pafoni zonse ziwiri, choyamba kukayikira ndi timalabala ta kukhutu timene sitikutseka bwino, makamaka ndi thukuta la kuno mwezi wa Okutobala. Yesani ta saizi ina, timabwera m'bokosi momwemo.

Kudukaduka ndi nkhani inanso. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso pamayenda Wi-Fi ndi hotisipoti, ndipo thupi la munthu limatchinga mafunde amenewa. Mukakhala pa depoti pomwe aliyense ali ndi foni, yanu ili m'thumba la kumbuyo muli pa kabaza, kodeki yotumiza zambiri ndiyo imayamba kuduka. Pamenepo AAC kapena SBC imakhazikika kuposa LDAC ya 990, ndipo batire imakhalitsako. Foni muiike m'thumba la malaya kapena la kutsogolo, hotisipoti muizimitse ngati simukuigwiritsa ntchito.

Ineyo kuona kwanga, ngati mupeza kuti Tecno yanu ili ndi SBC ndi AAC zokha, musadandaule nazo aptX. Kusiyana kwa 328 ya SBC yabwino ndi 352 ya aptX n'kochepa kwambiri, ndipo pa timahediseti ta mtengo wapakati chimene chimalamula kamvekedwe ndi tisipika tamkati ndi mmene takhalira m'khutu. Tsiku lina mukadzafuna kugula ena, mupemphe wogulitsa kuti muwalumikize pomwepo musanalipire, muone pa mndandanda uja wa mu Developer options makodeki amene akugwirizana ndi foni yanu. Mukayesa zija, tumizani muno chithunzi cha Bluetooth Audio Codec cha foni zonse ziwiri ndi dzina lenileni la Tecno yanuyo, tidzaone limodzi pamene pakusiyana.