Akukanani ngongole? Yambani mwawerengera zomwe mumadulidwa pamwezi

"Anzanga, banki yandikana ngongole ya 2,000,000 yobweza miyezi 24. Ndimalandira 400,000 akachotsa msonkho, ndipo ndimagulitsanso katundu pambali. Ndili ndi ngongole ziwiri zing'onozing'ono, ina amadula 60,000, ina 30,000, sindinaphonyepo. Ndipite ku banki ina mawa lomwe?"

Achemwali, mawa musapite kulikonse kupatula komwe akukananiko. Mukapemphe kuonana ndi yemwe anagwira fomu yanu, mumufunse mafunso awiri: chakanitsa n'chiyani, ndipo malire awo ndi otani pa gawo la malipiro lomwe lingapite ku ngongole. Osakakangana naye, iye amangotsata malamulo a ntchito. Akakuuzani kuti panasowa pepala kapena dzina la pa chiphaso likusiyana ndi la pa akaunti, thokozani, imeneyo ndi nkhani ya sabata imodzi.

Koma poona manambala anuwa, ine ndikukayika kuti vuto ndi mapepala. Wobwereketsa sayang'ana kwambiri kukula kwa ngongole. Amayang'ana zomwe muzidulidwa mwezi uliwonse poyerekeza ndi zomwe mumalandira. Tiyerekeze kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti pachaka, chowerengedwa pa ndalama yotsala. Ngongole mwapemphayo ikanafuna pafupifupi 112,000 pamwezi. Muphatikize ndi 90,000 yomwe ikuchoka kale, yakwana 202,000, kupitirira theka la malipiro anu. Malire amasiyana banki ndi banki, n'chifukwa chake ndati mukafunse, koma titenge kuti awo ndi 40 peresenti. Ndiye kuti ngongole zonse pamodzi zisapitirire 160,000, ndipo mpata womwe munali nawo ndi 70,000 basi. Mpata umenewo ungonyamula ngongole ya pafupifupi 1,250,000. Kusaphonya kwanu n'kwabwino, koma sikukulitsa mpatawo.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi ngongole yaing'onoyo, ya 30,000 ija. Mukaitseka, mpata ukufika 100,000, womwe unganyamule pafupifupi 1,780,000 pa miyezi 24 yomweyo. Mukamaliza kubweza mutenge kalata yotsimikiza kuti yatha, chifukwa nthawi zina makompyuta amachedwa kusonyeza kuti munthu wamaliza. Ngati 2,000,000 ikufunika yonse, mutha kupempha miyezi 36: zodula zimatsika kufika pafupifupi 85,000, kuphatikiza 60,000 ija n'kukhala 145,000, mwalowa m'malire. Dziwani kuti chaka choonjezeracho si chaulere, mudzabweza pafupifupi 370,000 pamwamba pa zomwe mukanabweza pa miyezi 24. Onaninso kuti kutalikitsa nthawi kokha, osatseka yaing'onoyo, kukusiyani pa 175,000, akukananinso.

Nanga bizinesi yanu ija? Ngati ndalama yake imangozungulira m'manja, kwa banki kulibe bizinesi. Iwo amakhulupirira sitetimenti, kawirikawiri ya miyezi 3 mpaka 6 yapitayo. Kuyambira lero, zogulitsa zonse ziziyamba zalowa mu akaunti, kenako muzitapa zokaodera katundu, ndipo muzilemba m'buku zolowa ndi zotuluka. Ena amabwereka ndalama kwa mnzawo, n'kuiponya mu akaunti sabata yofunsira ngongole, mawa lake n'kuitulutsa. Amene amawerenga masitetimenti tsiku ndi tsiku amaziona msanga zimenezo, ndipo akaziona amayamba kukayikira fomu yonse.

Podikira miyeziyo, itanitsani lipoti lanu ku bungwe losunga mbiri ya ngongole za anthu. Muli ndi ufulu woona zomwe analemba za inu. Muyang'ane ngati muli ngongole yomwe simukuidziwa, yakale yomwe munabweza koma ikuonekabe yotsegula, kapena ya munthu yemwe munamuimira ngati mboni iye n'kusiya kulipira. Yomalizayi imagwetsa anthu ambiri omwe amadziona ngati alibe banga. Mukapeza cholakwika, dandaulani polemba kalata ku bungwelo ndi kwa wobwereketsa yemwe anatumiza uthengawo, muphatikize malisiti.

Lipoti lomwelo ndi chifukwa chomwe ndakuletserani kuthamangira kwina. Wobwereketsa akafufuza mbiri yanu, kufufuzako kumalembedwa. Wachinayi akaona kuti atatu akufufuzani m'mwezi umodzi koma palibe yemwe wakupatsani, amaganiza kuti mwapanikizika. Choncho kufunsa za chiwongoladzanja ndi malire m'mabanki angapo funsani pakamwa, koma fomu mudzaze kumodzi, komwe masamu anu akukwana. Ndipo chonde musatseke ya 30,000 ija ndi ndalama ya katapila. Pa lipoti idzaoneka kuti yatha, koma m'thumba mudzakhala mukutuluka zambiri kuposa kale, pomwe ngongole yatsopano ikuyamba kudulidwa.