Mapointi ndi ofanana, tidawachinya, koma ali pamwamba pathu

"Achimwene, mu ligi yathu ya Lamlungu kuno ku Joni, ife a ku Mayfair ndi anzathu a ku Rosettenville tamaliza ndi mapointi 31 tonse. Titakumana nawo tidawachinya 2-1, ulendo wachiwiri tidafanana 1-1. Ife tagoletsa zigoli 28 n'kuchinyidwa 17, iwo 35 ndi 20. Atiika pachiwiri. Kodi sanatibere?"

Achimwene, musanakwiye, funsani mlembi wa ligi akuonetseni malamulo amene mudagwirizana ligi isanayambe. Mlanduwu uthera pa pepala limenelo, chifukwa mapointi akafanana pali njira ziwiri zosiyanitsira matimu, ndipo zonse ndi zovomerezeka.

Njira yoyamba imayang'ana kusiyana kwa zigoli: zomwe mwagoletsa kuchotsapo zomwe mwachinyidwa. Inu 28 kuchotsa 17 zitsala 11, iwo 35 kuchotsa 20 zitsala 15. Ngati ligi yanu imatsata zimenezi, chikho nchawo, palibe wakuberani. Ndi mmene PSL, ligi yaikulu ya ku South Africa, imachitira: mu 2011 Orlando Pirates ndi Ajax Cape Town adamaliza ndi mapointi 60 onse, Pirates n'kutenga ligi chifukwa cha zigoli.

Njira inayo imayamba yafunsa zomwe zidachitika matimu awiriwo atakumana okhaokha. Pamasewero anu awiri aja inu mudatolapo mapointi 4, iwo 1, ndiye chikho chikadakhala chanu. Ku Spain amatero. Mu 2007 Real Madrid ndi Barcelona adafanana pa 76, Barcelona ili patsogolo kwambiri pa zigoli, koma Madrid idatenga ligi poti idapambana 2-0 kwawo n'kukafanana 3-3 ku Camp Nou.

Ine pa ligi zathu zam'makwalalazi ndimakonda yachiwiriyi. Kumapeto kwa sizoni timu ina imabwera ndi anthu asanu ndi atatu, ena ali kuntchito, golokipa ali wobwereka, n'kumwetsedwa 9-0. Wokumana nayo tsiku limenelo wakolola zigoli zaulere, pamene inu mudalimbana nayo ili yokwana.

Koma nayonso ili ndi msampha matimu ofanana akakhala atatu. Tinene kuti A idachinya B 1-0, B idachinya C 2-0, C n'kuchinya A 3-1. Aliyense akuloza amene adamugonjetsa, mkangano wake wosatha. Apa mumajambula katebulo ka masewero atatu okhawo. Mapointi ndi atatuatatu, choncho muwerenge zigoli za momwemo: B yagoletsa 2 n'kuchinyidwa 1, C 3 ndi 3, A 2 ndi 3. B ikhala pamwamba, C pachiwiri, A pansi.

Pepala lija mukalipeza lisakunenapo kanthu, musasankhe njira lero, aliyense akudziwa kale imene ikumukomera. Panganani tsiku, matimu awirinu mukumane kamodzi pabwalo loti si la aliyense wa inu, zikakanika mumenye mapenate.