Yambani ndi shiya, liwiro libwera lokha

"Akuluakulu, ndili pa holide kuno kwa Santhe ndipo ndikukonzekera mayeso. Fomula ya liwiro la madzi pakati pa mapuleti awiri ndinailoweza, koma akati ndionetse komwe yachokera pamodzi ndi shiya ndimasokonezeka. Ndiyambire pati?"

Achimwene, musayambe ndi liwiro. Yambani ndi shiya, chifukwa shiyayo imatuluka m'mzere umodzi wokha, ndipo mukaipeza liwiro limabwera lokha pambuyo pake. Ine ndinavutika nazo mpaka tsiku limene ndinasiya kuloweza n'kuyamba kujambula kachidutswa ka madzi ndi mphamvu zimene zikukakankha.

Tigwirizane kaye chimene tikuchiwerengera. Mapuleti onse awiri aima, sakuyenda, ndipo mpata wa pakati pawo tiutche b. Mpatawo ndi waung'ono kwambiri poyerekeza ndi mulifupi mwa mapuleti, w, ndi mulitali mwake, L. Madzi akuyenda mosadukiza, liwiro silikusintha ndi nthawi, komanso tili kutali ndi pakhomo pamene madzi alowera. Mayendedwe ake ndi a lamina, kutanthauza kuti madzi akuyenda m'timizere tosanjikizana ngati masamba a fodya amene mwawasanja pamodzi, tsamba lililonse likutsetsereka pa linzake popanda kusakanikirana. Shiya, imene timailemba τ, ndi mphamvu ya kukhulana kwa masamba amenewo pa sikweya mita imodzi.

Tsono jambulani mizere iwiri, mapuleti aja, ndipo pakati penipeni mudutse mzere wina. Muziyeza y kuchokera pa mzere wapakatiwo, kotero kuti puleti yapamwamba ili pa y = +h, yapansi ili pa y = −h, ndipo h ndi theka la b. Dulani kachidutswa ka madzi koyambira pa −y kufika pa +y. Kumbuyo kwake kuli pulesha yochuluka kuposa kutsogolo, kusiyana kwake ndi Δp, ndipo nkhope imene ikukankhidwa kukula kwake ndi 2y kuchulukitsa ndi w. Chimene chikukakokera m'mbuyo ndi madzi ochedwa amene ali pamwamba ndi pansi pake, nkhope ziwiri, iliyonse L kuchulukitsa ndi w. Poti kachidutswako sikakuonjezera liwiro kapena kuchepetsa, mphamvu ziwirizi ziyenera kufanana ndendende.

```
Δp · 2y · w = τ · 2 · L · w
τ = (Δp / L) · y
```

Imani pamenepa muyang'anitsitse, chifukwa theka la funso lanu layankhidwa kale. Shiya ikukula molunjika, ngati mzere wowongoka. Pakati pa mpata palibe shiya ngakhale pang'ono, ndipo yochuluka ili pa mapuleti, pamene y = h. Onaninso kuti kukhuthala kwa madzi sikunalowemo. Kaya ndi madzi, kaya ndi oyilo wa injini, kaya uchi, ngati Δp, L ndi b ndi zomwezo, shiya pa khoma ndi yomweyo. Ambiri mfundo iyi imawadabwitsa, koma nzeru yake ndi yapafupi: chilichonse chimene pulesha yakankha, makoma ayenera kuchigwira.

Kukhuthala kwa madzi, visikosite, μ, kumalowa pa sitepe yachiwiri. Lamulo la Newton likuti shiya ndi μ kuchulukitsa ndi mmene liwiro, u, likusinthira mukamasuntha kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. Apa ndi pamene mainasi amavutira anthu. Musaloweze, ganizani. Kumtunda kwa mzere wapakati, y akamakula tikuyandikira puleti, ndipo liwiro likuchepa. Ndiye du/dy ayenera kukhala ndi mainasi. Tikaintegireta kamodzi timapeza konsitanti, C.

```
μ · du/dy = −(Δp / L) · y
u = −(Δp / 2μL) · y² + C
```

Kuti C adziwike timagwiritsa ntchito chinthu chimene masamu paokha sangatiuze, chimene anthu anachiona poyesa: madzi okhudza khoma amamatirira pa khomalo, satsetsereka. Mukakhuthula mafuta ophikira m'botolo mumaona kachikuta kakutsalira m'mbali, kakutsika mochedwa pamene apakati anapita kale. Ndiye pa y = h tikuika u = 0, ndipo C akutuluka.

```
u(y)  = (Δp / 2μL) · (h² − y²)
u_max = Δp · b² / (8μL)
Q     = Δp · w · b³ / (12μL)
```

Parabola ija mwailoweza ndi imeneyi. Liwiro lalikulu lili pakati, pamalo pomwe shiya ndi ziro, ndipo sizinangochitika mwamwayi, chifukwa pansonga pa parabola du/dy ndi ziro. Q ndi kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi, ndipo mumampeza pointegireta u kuchokera pa −h kufika pa +h n'kuchulukitsa ndi w. Mukagawa Q ndi b·w mupeza liwiro la avereji, lomwe ndi magawo awiri mwa atatu a liwiro lalikulu. Chenjerani pamenepa. M'paipi yozungulira avereji ndi theka, ndipo ophunzira ambiri amatenga theka limenelo n'kulibweretsa ku mapuleti. Wokonza mayeso akangoona theka amadziwa kuti munthuyu wasakaniza mitu iwiri. Cholakwika china chofala ndi h ndi b. Buku lina limatcha mpata wonse h, lina limati 2h, ndiye mukatenga fomula ya buku ili ndi manambala a buku linalo, Q amaphonyeka kasanu ndi katatu. Ndi chifukwa chake ndikuti muziyamba ndi chojambula nthawi zonse, n'kulembapo komwe y akuyambira.

Ndikupatseni chitsanzo chimene ndinachigwira ndi manja. Kumadimba kwina kuno ku Kasungu kunali thanki ya simenti yothirira mbewu imene inkataya madzi usiku. Titakumba m'mbali tinapeza mng'alu wopingasa chapansi, wotalika masentimita 10, madzi akutuluka mwakachetechete ngati thukuta. Tinauyeza ndi timasamba tachitsulo tija amayezera mpata wa mavavu a njinga yamoto, ndipo ka 0.2 mm ndi kamene kanalowa bwino. Khoma linali lokhuthala masentimita 20, madzi ataima mita imodzi pamwamba pa mng'aluwo. Mng'alu wotere ndi mapuleti awiri omwe aja: b = 0.0002 m, w = 0.1 m, L = 0.2 m. Pulesha ya madzi akuya mita imodzi ndi ρgH, pamene ρ ndi makilogalamu a madzi mu kiyubiki mita imodzi, g ndi mphamvu yokoka ya dziko ndipo H ndi kuya kwa madzi, ndiye 1000 kuchulukitsa 9.81 kuchulukitsa 1, zomwe ndi 9810 Pa. Visikosite ya madzi pa madigiri 20 ili pafupifupi 0.001 Pa·s.

```
Δp/L  = 9810 / 0.2 = 49050 Pa/m
τ_w   = 49050 × 0.0001 = 4.9 Pa
u_max = 49050 × (0.0002)² / (8 × 0.001) = 0.245 m/s
u_avg = (2/3) × 0.245 = 0.164 m/s
Q     = 0.164 × 0.0002 × 0.1 = 3.3 × 10⁻⁶ m³/s
```

Nambala yomalizayo ikuoneka ngati palibe kanthu, mamililita atatu ndi pang'ono pa sekondi. Koma pa ola ndi malita pafupifupi 12, ndipo pa tsiku ndi malita 280, zigubu 14 za malita 20, kudzera pa mng'alu woti chikhadabo sichingalowe. Mayi wina wa m'gulu lothirira atamva zigubuzo anangogwira pakamwa, chifukwa amadziwa kulemera kwa chigubu chimodzi. Mukafuna kudziyesa ngati simunaphonye, bwererani ku kachidutswa kaja. Pulesha ikukankha ndi 9810 × 0.0002 × 0.1, zomwe ndi 0.196 N. Makoma akugwira ndi 4.9 × 2 × 0.2 × 0.1, zomwenso ndi 0.196 N. Zikafanana chonchi, shiya yanu ili bwino.

Chimene ndimafuna wophunzira aliyense achimve m'mafupa ndi b³ uja. Mng'alu ukakula kawiri kokha, kufika 0.4 mm, madzi otayika sakula kawiri, akula kasanu ndi katatu, kupitirira malita 2,200 pa tsiku. Chifukwa chake n'chakuti khomo lakula kawiri, komanso madzi apakati atalikirana ndi makoma owagwira, ndiye liwiro lakula kanayi.

Komabe fomula iyi ili ndi malire, ndipo siidzakuchenjezani mukawadumpha. Ikani b = 2 mm mu manambala omwewo. Ikupatsani liwiro la avereji la mamita 16 pa sekondi. Izi sizingatheke, chifukwa madzi akuya mita imodzi, ngakhale pakanapanda kukhulana kulikonse, sangatuluke kuposa √(2gH), zomwe ndi mamita 4.4 pa sekondi. Chalakwika ndi chakuti masamba aja asokonekera, madzi akuvunduka, ndipo sitilinso mu lamina. Choyezera chake ndi nambala ya Reynolds, dzina la Osborne Reynolds amene anaonetsa kusintha kumeneku ku Manchester mu 1883 pothira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi. Pa mapuleti timagwiritsa ntchito 2b m'malo mwa dayamita.

```
Re = ρ · u_avg · 2b / μ
```

Pa 0.2 mm ikutuluka 65, pa 0.4 mm pafupifupi 520, ndipo bola ili pansi pa 2000 muli pabwino. Pa 2 mm ikupitirira 65,000, ndiye yankho lija ndi lotaya. Muziwerengera Re mukamaliza funso lililonse, ngakhale sanakufunseni. Ndionjezere kuti pa thanki yathu chidebe chimene tinatchera chinkadzaza mochedwerapo kuposa mmene pepala linanenera, ndipo sizinandidabwitse. Mng'alu wa simenti ndi wokhakhala, wokhotakhota, penapake wopanikizika, pamene fomula ikuganiza za makoma osalala otalikirana mofanana.

Chomaliza ndi msampha umene amaukonda pa mayeso: puleti yapamwamba ikuyenda pa liwiro U, zija amazitcha dzina la Couette, ngati oyilo wa pakati pa shafuti ndi beringi. Pamenepo kachidutswa kanga koyambira pa −y kufika pa +y sikagwiranso ntchito, chifukwa ndinakamanga pa mfundo yoti kumtunda ndi kumunsi n'kofanana. Yezani y kuchokera pa puleti yapansi, tengani kachidutswa kopyapyala ka dy, ndipo mupeza μ · d²u/dy² = −Δp/L. Muintegirete kawiri, mupeza makonsitanti awiri, ndipo muwapeze poika u = 0 pa y = 0 ndi u = U pa y = b.

```
u = U·y/b + (Δp / 2μL) · y · (b − y)
τ = μ·U/b + (Δp / L) · (b/2 − y)
```

Mukaika U = 0 parabola ija ibwerera. Mukaika Δp = 0 mutsala ndi mzere wowongoka, ndipo shiya ikhala μU/b paliponse mu mpatamo. Usiku uno tsekani buku, mujambule mapuleti, mutsike nokha mpaka pa Q, kenako muyese thanki ija ndi b = 0.3 mm. Mukapeza malita pafupifupi 950 pa tsiku ndi shiya ya 7.4 Pa pa khoma, ndiye kuti mwayenda bwino. Mukapeza zina, jambulani pepalalo mutumize m'gulu muno tione pamene zapatukira.